Batire Tiliyese Lili pa Ntchito

Munthu amene wafika pa doko la Kachulu dzuwa litapendeka amaona magetsi ambiri asanaone ngakhale pholo limodzi. Pa madenga a udzu ndi a malata pali masola, m'maokala muli mabatire a galimoto otchajira mafoni, asodzi opita ku zimbowera akumanga matochi awo m'mapepala, ndipo wailesi ikulira pafupi ndi pamene amayi akuyanika matemba. Ana a m'midzi ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa amakula akugwira mawaya ndi mabatire. Iwowa amadziwa kale kuti batire limafooka, kuti babu limazilala wina akayatsa chinthu china, ndi kuti waya wautali amadya moto. Chimene sadziwa ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndi ntchito yathu.

Maganizo athu m'nkhani ino ndi awa. Mutu wa gwero la magetsi ndi rezisitansi yake ya m'kati timauphunzitsa chododometsa, mwinanso chobwerera m'mbuyo. Timathamangira kulemba pa bolodi lamulo lakuti katundu amalandira mphamvu yochuluka koposa pamene rezisitansi yake yafanana ndi ya gwero, ana n'kuloweza, n'kutuluka ali ndi chikhulupiriro chakuti kufananitsako ndiye cholinga cha aliyense wolumikiza magetsi. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo kwa mwana amene kwawo kuli batire la galimoto n'choopsa. Ife tikuti phunziroli liyambire pa kuyesa gwero lili pa ntchito, ndipo lamulo la mphamvu libwere pambuyo, monga malire a zimene gwero lingathe.

Funso limene linasowa yankho

Chaka china tinapita kukaona mmodzi wa ophunzira athu ali pa maphunziro oyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanjayi. Iye anakonzekera bwino ndithu. Anabwera ndi mita, mabatire a tochi ndi mababu. Mtsikana wina anatulutsa mabatire awiri a m'tochi ya bambo wake, amene anali atawataya chifukwa tochiyo inkangofiira ngati khala. Mphunzitsi anawayesa pamodzi, mita n'kuonetsa 2.8 V. Mabatire awiri atsopano anaonetsa 3.0 V. Mtsikanayo anafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ngati akusiyana pang'ono chonchi, bwanji awa akuwala pamene awa akukana?" Mphunzitsi anakhala kaye chete, kenaka anati mwina mita yafooka.

Sitikumunena mnzathuyo. Cholakwa chinali chathu, ife amene tinamuphunzitsa masamu a mutuwu osamugwiritsa batire lakutha. Mita inalibe vuto. Inanena zoona, koma inayankha funso limodzi pa mafunso awiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: batire lakutha limaoneka lamoyo malinga ngati palibe chimene likusenza.

Tisanapitirire, tigwirizane pa mawu anayi. Voliteji ndi kukankha kwa magetsi, ndipo timaiyesa mu V. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda, mu A. Rezisitansi ndi kuvuta kwa njira imene magetsiwo akudutsamo, mu Ω. Katundu ndi chilichonse chimene gwero likusenza: babu, wailesi, foni.

Manambala awiri, osati imodzi

Ana a kuno amadziwa ngalande za mpunga za ku Likangala ndi ku Domasi. Tiyerekeze ngalande yayitali yochokera pa dziwe, imene yadzaza matope ndi udzu. Chitseko cha kumunda chikakhala chotseka, madzi amayenda pang'onopang'ono mpaka kudzaza ngalande yonse, ndipo munthu woima pa chitsekocho amaona madzi ali thothotho, ngati kuti ngalande ili bwino. Atsegule chitseko aone. Madzi a pafupi amatuluka, koma obwera m'mbuyo akuchedwa m'matope muja, motero pa chitseko madzi amatsika kwambiri. Kutalika kwa madzi chitseko chili chotseka kumatiuza za dziwe. Kutsika kwake chitseko chitatsegulidwa kumatiuza za ngalande.

Mita yoyesa voliteji ili ngati munthu wosuzumira chitseko chili chotseka. Rezisitansi yake ndi yaikulu kwambiri, maomu miliyoni imodzi kapena kuposa, choncho siitenga karenti yodziwika. Popanda karenti palibe voliteji yotayika m'kati mwa batire, ndipo mita imaonetsa voliteji yonse. Kuti tidziwe nambala yachiwiri, tiyenera kutsegula chitseko.

Tibwerere ku mabatire a mtsikana uja. Tilumikize rezisita ya 10 Ω pa mabatire akalewo, mita ili pomwepo. Tinene kuti voliteji yatsika kuchoka pa 2.8 V kufika pa 2.0 V. Karenti yodutsa mu rezisita ndi 2.0 kugawa ndi 10, ndiye kuti 0.2 A. Nanga 0.8 V yapita kuti? Yatayika m'kati mwa mabatire momwemo. Tikagawa 0.8 ndi 0.2 tipeza 4 Ω, ndipo imeneyi ndi rezisitansi ya m'kati. Tichite chimodzimodzi ndi atsopano. Voliteji ikutsika kuchoka pa 3.0 V kufika pa 2.8 V, karenti ndi 0.28 A, ndipo 0.2 kugawa ndi 0.28 ikutipatsa pafupifupi 0.7 Ω. Onani tsono kumene kunabisala kusiyana. Voliteji inangotsika ndi 0.2 V, koma rezisitansi ya m'kati inakula koposa kasanu. Mankhwala a m'batire akamatha, chizindikiro chachikulu si kutsika kwa voliteji ayi, koma kukula kwa rezisitansi. Yankho la mtsikana uja linali m'rezisita imodzi ndi mphindi ziwiri.

Mwachidule, ngati E ndi voliteji yopanda katundu, V ndi voliteji pamene pali katundu wa rezisitansi R, ndipo r ndi rezisitansi ya gwero, pamenepo I = V / R ndipo r = (E − V) / I.

Zimene katundu amaona

Pano ndi pamene pagona nzeru yaikulu ya mutuwu. Babu silidziwa chimene chili kuseri kwa mawaya ake awiri. Kaya kuli batire limodzi kapena asanu, kaya waya ndi wamfupi kapena wazungulira nyumba, kaya pali marezisita khumi olumikizana mosokonezeka, babulo limangoona zinthu ziwiri: voliteji imodzi ndi rezisitansi imodzi yotsatana nayo. Mfundo imeneyi anaifotokoza Hermann von Helmholtz wa ku Jeremani mu 1853, ndipo mu 1883 Léon Charles Thévenin, katswiri wa matelegalafu wa ku Falansa, anaitulukiranso payekha. Lero imadziwika ndi dzina la Thévenin. Mu 1926 Edward Norton ku Amereka ndi Hans Ferdinand Mayer ku Jeremani anaonetsa kuti zomwezi zikhoza kunenedwa ndi gwero la karenti m'malo mwa gwero la voliteji, koma m'kalasi mwathu njira ya Thévenin ndi yokwana.

Popeza manambala awiriwa pa pepala timachita motere. Choyamba timachotsa katundu, n'kuwerengera voliteji ya pakati pa nsonga ziwiri zimene zatsala. Imeneyo ndiyo E. Chachiwiri timayerekeza kuti pamalo pa batire paikidwa waya wamba, kusiya rezisitansi yake ya m'kati ngati ili yodziwika, n'kuwerengera rezisitansi imene munthu angaipeze atalowa kudzera pa nsonga ziwiri zija. Imeneyo ndiyo r. Tikupempha kuti mawu akuti "timayerekeza" muziwatchula mokweza m'kalasi. Waya ameneyo ndi wa pa pepala basi. Mwana asadzayese kumuika pa batire lenileni.

Tione chitsanzo cha pa doko. Mwini okala ali ndi batire la galimoto la 12.6 V, limene rezisitansi yake ya m'kati ndi yaing'ono zedi, tinene 0.02 Ω. Wakoka waya wa mkuwa wa 1 mm² kupita ku chisakasa choonetsera kanema chimene chili pa mtunda wa mamita 20. Magetsi amapita ndi kubwerera, choncho waya yense ndi mamita 40, ndipo waya wotere amakhala ndi rezisitansi ya pafupifupi 0.7 Ω. Kanema akuona gwero la 12.6 V ndi r ya 0.72 Ω, ndipo pafupifupi yonseyo ndi ya waya. Akakoka 3 A, voliteji yoposa 2 V imatayika m'njira, kanema n'kulandira pafupifupi 10.4 V, mwina n'kuyamba kuzimazima. Mwini okala adzanena kuti batire latha, adzapita nalo kokatchajitsa, mwinanso adzagula lina, vuto lili pomwepo. Waya wa 4 mm² akanatsitsa r kufika pa 0.19 Ω, ndipo yotayika ikanangokhala pafupifupi 0.6 V. Kusuntha batire kuliika pafupi ndi kanema kukanathetsa nkhani popanda kugula kanthu. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti katundu akuona chiyani akhoza kuyesa voliteji pa batire ndi pa kanema, zonse zili zoyaka, n'kuloza waya.

Wailesi ya 6 V pa batire la 12 V

Tsopano tigwire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, chifukwa ndi chimene chimatifikitsa pa lamulo la mphamvu. Mnyamata wa Fomu 3 watopa ndi kugula mabatire anayi a wailesi. Kwawo kuli batire la sola la 12 V, koma wailesi imafuna 6 V. Iye waphunzira kuti marezisita awiri ofanana, olumikizidwa motsatana, amagawana voliteji pakati ndi pakati. Wachotsa marezisita awiri a 100 Ω m'wailesi yakufa, wawalumikiza pa batire, ndipo watenga mawaya awiri kuchokera ku mbali ziwiri za rezisita imodzi. Mita ikuti 6.0 V. Mnyamatayo wakondwa. Walumikiza wailesi, koma ikungonong'ona, ndipo akakweza mawu ikuyamba kukhosomola.

Tifunse chimene wailesi ikuona. Voliteji yopanda katundu ndi 6 V, monga mita inanenera. Popeza r, tiike waya wa pa pepala pamalo pa batire. Tikatero marezisita awiri aja amaoneka ali mbali ndi mbali, ndipo awiri a 100 Ω mbali ndi mbali amapanga 50 Ω. Ana ambiri amaphonya pamenepa, amayankha 200 Ω kapena 100 Ω, chifukwa amayang'ana ali kumbali ya batire. Tiwakumbutse kuti aime pamene paima katundu. Choncho wailesi ikuona gwero la 6 V ndi r ya 50 Ω.

Tinene kuti wailesiyo, ikamalira bwino, imakoka 0.06 A pa 6 V. Imeneyi ndi mphamvu ya 0.36 W, ndipo titha kuiyerekeza ndi katundu wa 100 Ω. Tikailumikiza, karenti ndi 6 kugawa ndi 150, ndiye kuti 0.04 A, ndipo voliteji ya pa wailesi ndi 4 V yokha. Ikamafuna karenti yambiri pokweza mawu, voliteji imatsikiratsikira, ndiko kukhosomola kuja.

Funso lenileni ndi ili: kodi pali katundu wina aliyense amene angatulutse 0.36 W kuchokera pa nsonga ziwirizi? Yankho ndi ayi. Mphamvu yochuluka koposa imene gwero lotere lingapereke ndi E² / 4r, ndiye kuti 36 kugawa ndi 200, imene ndi 0.18 W, theka la zimene wailesi ikufuna. Mnyamatayo sanalakwe polumikiza. Njira yake ndiyo inali yosatheka kuyambira pachiyambi, ndipo masamu a mzere umodzi akanamuuza asanaotche chala. Kuwonjezera apo, marezisita akewo akukoka 0.06 A usana ndi usiku, wailesi itazimitsidwa. Chimene iye akufuna ndi kachipangizo kotsitsa voliteji ndi kuigwira pamalo amodzi, kamene r yake imaoneka yaing'ono kwa katundu. Umu ndi mmene ife tikufunira kuti lamuloli liziphunzitsidwa: ngati muyeso wa denga, wotiuza zimene gwero silingathe.

Lamulo lenilenilo

Lamuloli limatchedwa la Jacobi, potsata Moritz von Jacobi amene analifotokoza cha m'ma 1840. Ana akhoza kulipeza okha. Titenge mabatire akale aja, E ili 2.8 V ndipo r ili 4 Ω, tiwerengere mphamvu yofika kwa katundu posintha R, komanso gawo la mphamvu yonse limene likumufikira.

| R | Karenti | Mphamvu kwa katundu | Gawo lofika kwa katundu |
|---|---|---|---|
| 1 Ω | 0.56 A | 0.31 W | 20% |
| 2 Ω | 0.47 A | 0.44 W | 33% |
| 4 Ω | 0.35 A | 0.49 W | 50% |
| 8 Ω | 0.23 A | 0.44 W | 67% |
| 16 Ω | 0.14 A | 0.31 W | 80% |

Mphamvu ikukwera mpaka pa 4 Ω kenaka ikutsika. Chifukwa chake n'chomveka. R ikakhala yaing'ono, karenti imachuluka koma voliteji yambiri imathera m'kati mwa gwero. R ikakhala yaikulu, katundu amalandira voliteji pafupifupi yonse koma karenti imachepa. Mphamvu ndi voliteji kuchulukitsa ndi karenti, choncho nsonga ya phiri ili pakati, pamene R yafanana ndi r. Kwa a Fomu 4 umboni wake sufuna masamu apamwamba. Mphamvu ndi P = E²R / (R + r)², ndipo popeza (R + r)² = (R − r)² + 4Rr, tikhoza kulemba P = E² / [(R − r)² / R + 4r]. Mbali ya pansi imachepetsetsa pamene R − r ili 0, ndipo chotsala ndi E² / 4r.

Koma musalole ana kutseka makope asanayang'ane ndime yomaliza ya tebulo. Pa nsonga ya phiri katundu akulandira theka lokha. Theka linalo likutenthetsa batire. Pa 16 Ω katundu akulandira mphamvu yocheperapo, koma pa magawo khumi alionse otuluka m'mankhwala a batire, asanu ndi atatu akugwira ntchito. Mphamvu yochuluka ndi kusawononga ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo banja limene limagula mabatire ndi ndalama za matemba limafuna chachiwiricho.

Zolakwa ziwiri zimene timabzala

Cholakwa choyamba ndi kuiwala chimene chikusinthidwa. Lamulo la Jacobi limanena za gwero limene r yake sitingaisinthe, ndipo tikusankha katundu. Ngati katundu ndiye wokhazikika ndipo tikusankha gwero, yankho ndi lina: r ikhale yaing'ono monga mmene tingathere. Tinaonapo mayankho a ophunzira akuti babu la 6 Ω liwale kwambiri tiwonjezere rezisita ku batire kuti r ifike pa 6 Ω. Kutero ndi kuthira matope m'ngalande kuti mpunga umwe bwino. Funso limodzi lotere pa mayeso a m'kalasi limaonetsa msanga amene wamva ndi amene waloweza.

Cholakwa chachiwiri ndi kuganiza kuti kufananitsa n'kwabwino paliponse. Tiyese pa batire la galimoto lija, pa pepala pokha. Katundu wa 0.02 Ω angakoke 12.6 kugawa ndi 0.04, ndiye kuti 315 A. Katunduyo angalandire pafupifupi 2,000 W, ndipo 2,000 W ina ingasanduke kutentha m'kati mwa bokosi lodzaza asidi, limenenso limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa. Sipanala yogwera pa mitu iwiri ya batire imachita zofanana ndi zimenezi, ndipo imatha kufiira. Chimodzimodzinso magetsi ochokera ku Nkula ndi ku Tedzani pa mtsinje wa Shire: akatswiri amayesetsa kuti r ya majenereta, matiransifoma ndi mawaya ikhale yaing'ono poyerekeza ndi katundu, kuti voliteji ya 230 V isatsike nyumba zikamayatsa zinthu. Akanafananitsa, theka la mphamvu ya mtsinje likanathera m'njira.

Nanga kufananitsa kumathandiza kuti? Kumathandiza pamene mphamvu ili yochepetsetsa ndipo sitikuilipira, monga pa eriyo ya wailesi kapena ya kanema. Eriyo imatola kamphamvu kakang'ono m'mlengalenga, ndipo chimene tikufuna ndi kuti kochuluka kafike m'chipangizo. N'chifukwa chake eriyo, waya wake ndi polowera pa kanema zimapangidwa kuti zigwirizane pa 75 Ω. Koma nambala ya 8 Ω yolembedwa kuseri kwa chokuzira mawu cha masiku ano sikutanthauza kuti r yake ndi 8 Ω. Imeneyo ndi chenjezo la katundu amene chingasenze, ndipo amene amalumikiza masipika ambiri mbali ndi mbali pa ukwati amatsitsa R mpaka chipangizo kupsa.

Pamene mfundoyi imalekera

Ena mwa anzathu adzati zimenezi n'zakuya kwa ana a sekondale, ndipo nthawi ndi yochepa. Tikuvomera kuti nthawi ndi yochepa. Koma sitikupempha kuwonjezera mutu. Tikupempha kusintha dongosolo, ndi kunena poyera pamene mfundo imalekera, chifukwa ana a ku Chilwa adzakumana ndi malirewo pa denga la kwawo.

Mfundo ya Thévenin imagwira pamene voliteji imatsika molingana ndi karenti, ndiye kuti karenti ikawirikiza, yotayikanso imawirikiza. Sola siichita motero. Sola ya mtundu wotchajira batire la 12 V imaonetsa pafupifupi 21 V kapena 22 V ikakhala yopanda katundu padzuwa. Karenti yake imakhala pafupifupi yosasintha pamene voliteji ikukwera kuchoka pa 0, mpaka cha pa 17 V kapena 18 V, kenaka imagwa mwadzidzidzi. Mphamvu yochuluka imapezeka pa bondo limenelo, osati pa theka la voliteji, ndipo bondolo limasuntha mtambo ukadutsa kapena sola ikatentha. Zipangizo zolembedwa MPPT ntchito yake ndi kulisaka mosalekeza. Mwana amene angayese sola ndi njira ya manambala awiri adzapeza r yosiyana pa katundu aliyense, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chakuti mfundo yafika pa malire. Batire nalonso r yake imasintha pang'ono ndi kutentha ndi kutha kwake, choncho poyesa tilumikize katundu kwa kanthawi kochepa, tiwerenge, tichotse.

Phunziro limodzi la mphindi 40

Pomaliza tikupereka njira imene ife taiyesa. Tengani kabokosi ka sopo. M'katimo ikani mabatire awiri atsopano a tochi motsatana ndi rezisita ya 47 Ω, mutulutse mawaya awiri okha, mumate bokosilo. Rezisitayo ili ndi ntchito ziwiri: imakhala r yosasinthasintha, ndiponso imateteza, pakuti ngakhale mawaya atagundana karenti singapitirire pafupifupi 0.06 A. Gulu lililonse lipatseni bokosi, mita ndi marezisita asanu, monga a 10, 22, 47, 100 ndi 220 Ω. Musawauze za m'kati.

Ayambe ndi kuyesa voliteji popanda katundu. Kenaka ayese ndi rezisita iliyonse, awerengere karenti, r ndi mphamvu, ndipo ajambule mphamvu motsata R. Adzaona okha kuti r ikutuluka yofanana pa miyeso yonse, kuti pa 47 Ω voliteji yatsika kufika pa theka, ndi kuti phiri la mphamvu lili pomwepo. Gulu limene r yake ikudumphadumpha liyang'ane polumikizira, pakuti waya wongogwirizira ndi chala kapena wadzimbiri amawonjezera rezisitansi yakeyake, ndipo ku mbali ya nyanja ya madzi amchere ngati Chilwa dzimbiri silichedwa. Akatha, asanatsegule bokosi, alembe chimene akuganiza kuti chili m'katimo. Magulu ena muwapatse bokosi la marezisita awiri a 100 Ω ogawana voliteji ya mabatire anayi. Iwo adzapeza pafupifupi 3 V ndi 50 Ω, pafupifupi mofanana ndi anzawo, ndipo mabokosi akatsegulidwa adzadabwa kuona kuti m'kati simufanana. Kudabwa kumeneko ndiye mfundo ya Thévenin, ndipo sadzaiiwala.

Malamulo awiri muwalembe pamwamba pa bolodi. Njira yosaka theka la voliteji ndi ya bokosi lokha, osati batire la galimoto kapena magetsi a pakhoma. Ndipo mita ikakhala pa A isalumikizidwe molunjika pa mitu iwiri ya gwero lililonse.

Inu amene mukupita kukaphunzitsa, ena mwa inu mudzatumizidwa ku sukulu zimene zilibe chipinda cha sayansi. Koma mabatire otayidwa ali m'mudzi uliwonse, ndipo mwana aliyense ali ndi funso lofanana ndi la mtsikana uja. Tsiku limene mwana adzakubweretsereni batire limene mita ikuti n'labwino koma tochi ikukana, musadzanene mita. Mumupatse rezisita, ayese yekha kachiwiri.